Achimwene, Khungu Langali Mulisiye Mmene Liliri

Nkhani yathu ndi ya uthenga umodzi wa pa foni: uthenga wopita kwa munthu amene akukonza chithunzi chanu pa kompyuta, womuuza kuti khungu lanu alisiye mtundu wake weniweni, asaliyeretse. Kaya ndi chithunzi cha tsiku lolandira digiri, kaya cha chinkhoswe, kaya choika pa kalata yofunsira ntchito, nkhani ndi yomweyo. Mwalipira ndalama zanu, zithunzi zabwera, gauni ndi yanu yomwe, ndolo ndi zanu zomwe, koma nkhope yake ikuchita ngati ya msuweni wanu wina woyererapo. Chimene tikufuna kuti mutuluke nacho muno n'chakuti mawu oti "musandiyeretse" paokha sakwanira. Uthenga wogwira ntchito umapereka chofanizira, umanena malo ololedwa kukhudza ndi oletsedwa, ndipo umapempha njira yoonera ngati pangano lasungidwa. Tiziona chimodzichimodzi, kenako tilembe uthengawo limodzi.

Tiyambe ndi Chichewa chathu chomwechi, chifukwa vuto limayambira pa mawu. Munthu akauza wojambula kuti "ndioneke wowala", amatanthauza chiyani? Mwina akufuna kuti nkhope izioneka bwino, maso azioneka, chithunzi chisakhale chamdima. Koma wokonza zithunzi amene wazolowera makasitomala ofuna kuyera amamva kuti "mundiyeretse". Mawu oti "mundikonze bwinobwino" ndiye amamupatsa ufulu wonse. Choncho tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuwala ndi kuunika kumene kwagwa pa nkhope, kochokera ku dzuwa, pa windo kapena ku magetsi a mu situdiyo. Mtundu wa khungu ndi mmene khungulo liliri, kaya pali dzuwa kaya palibe. Munthu wakuda bii akhoza kujambulidwa nkhope ikuoneka bwinobwino, mphuno, masaya, milomo, zonse zili poyera, iye ali wakuda bii momwemo. Chithunzi chotero n'chowala, koma munthuyo sanayeretsedwe. Mu uthenga wanu mawu awiriwa asasakanikirane, ndipo mawu oti "wowala" ndi bwino kungowapewa.

Musadabwe kuti ojambula ambiri amayeretsa asanafunsidwe n'komwe. Zipangizo za ntchitoyi zinakula ndi chizolowezi chimenechi. M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak ku Amereka inkatumiza khadi la chithunzi kwa anthu otsuka zithunzi, loti azichunira makina awo. Pa khadilo panali mayi wachizungu, ndipo makhadiwo anatchuka ndi dzina loti Shirley, dzina la mayi woyamba kujambulidwapo. Makina akatulutsa bwino khungu la mayi ameneyo, ankati zonse zili bwino. Lorna Roth, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, analemba za nkhaniyi mu 2009. Iye anapeza kuti ena mwa amene anachititsa kuti filimu iyambe kutulutsa bwino mitundu yoderapo anali makampani a mipando ndi a chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka kusiyana kwake pa zithunzi. Tangoganizani, matabwa ndi chokoleti. Khadi lokhala ndi amayi a mitundu yosiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Filimu tinaisiya, koma diso lozolowera kuti chithunzi chabwino ndi cha khungu loyererapo lidakalipo m'masitudiyo ambiri.

Ndipo si ife tokha. Mu 2008 anthu anadzudzula kampani ya L'Oréal kuti inayeretsa Beyoncé pa chithunzi chotsatsa malonda, kampaniyo inakana. Mu 2010 zinachitikanso ndi Gabourey Sidibe pachikuto cha magazini ya Elle, nayonso inakana. Mu 2015 Kerry Washington anatuluka woyererapo pachikuto cha InStyle, ndipo magaziniyo inati sinamuyeretse pa kompyuta, koma mwina ndi magetsi a pojambulira. Sitikuweruza milandu imeneyi pano. Tikungofuna muone zinthu ziwiri. Choyamba, mkangano wonse unabwera chithunzi chitatuluka kale, madzi atatayika. Chachiwiri, yankho loti "ndi kuwala chabe" n'lovuta kulitsutsa ngati mulibe chofanizira. Yankho lomweli ndi limene mudzalandire ku situdiyo ya m'tauni mwanu. N'chifukwa chake uthenga wathu uyenera kupita ntchito isanayambe, ndipo uyenera kunyamula umboni.

Tsopano tione zimene zimachitika pa kompyutapo, kuti muzilankhula ndi wokonzayo mukudziwa chimene mukunena. Ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu a Lightroom ndi Photoshop. Njira zoyeretsera khungu zofala zilipo zitatu, ndipo iliyonse imasiya mapazi ake.

Njira yoyamba ndi kuwalitsa chithunzi chonse. Mu Lightroom muli kachotsetsereka kolembedwa kuti `Exposure`. Akakakankhira pa +1, kuwala kwa chithunzi chonse kumawirikiza kawiri. Khungu limayera, inde, koma si lokha. Gauni yakuda imasanduka yotuwa ngati yachapidwa kambirimbiri. Bulauzi yoyera imangoti mbee, osaonekanso mabatani kapena msoko. Mukaona zimenezi, dziwani kuti anakweza chithunzi chonse. Njira imeneyi nthawi zina imakhala yoyenera, ngati chithunzicho chinajambulidwa chamdima kwambiri. Muyezo wake ndi zovala: zakuda zikhale zakuda koma mapindidwe ake akuoneka, zoyera zikhale zoyera koma ulusi wake ukuoneka. Zovala zikafika pamenepo, kukweza kuthere pomwepo.

Njira yachiwiri ndi yochenjera, ndipo ndi imene ambiri saidziwa. Pulogalamuyi imatha kusankha mtundu umodzi pa chithunzi n'kuusintha wokhawo. Malo ake amalembedwa kuti `HSL` kapena `Color Mixer`. Khungu la anthu onse, akuda ndi oyera omwe, kompyuta imaliwerengera makamaka m'gulu la `Orange`, pang'ono m'gulu la `Red`. Ndiye wokonzayo akapita pa `Luminance` n'kukweza `Orange`, mwachitsanzo kufika pa +40, khungu lokha limayera, gauni yakuda osasuntha. Akatsitsanso `Saturation` ya mtundu womwewo, kufiirira kwa khungu kumachepa, munthu n'kuoneka wotumbuluka ngati wadwala. Mapazi a njira imeneyi musawayang'ane pa nkhope, yang'anani kumbuyo kwanu. Khoma la njerwa zootcha, chitseko cha matabwa, dothi lofiira la pabwalo, zonsezi zili m'gulu lomwelo la mtundu. Ngati njerwa zimene mukuzidziwa kuti n'zofiira zatuwa pa chithunzi, khungu lanu latuwitsidwa nazo limodzi. Tiwonjezere kuti nthawi zambiri wokonzayo sachita kukankha yekha. Amadina zokonzeratu zotchedwa `Presets`, zimene anagula kapena kupatsidwa, ndipo zina mwa izo zinakonzedwa poyang'ana khungu loyera. Amadina kamodzi, zithunzi mazana awiri zonse n'kusintha. Choncho akanena kuti "sindinakuyeretseni", mwina sakunama. Mwina sanayang'ane chimene batanilo lachita.

Njira yachitatu ndi kupaka pamalo. Apa wokonzayo amasankha nkhope yokha n'kuiwalitsa ndi kaburashi, kapena ndi chida cha mu Photoshop chotchedwa `Dodge`. Mapazi ake ali m'malire. Yang'anani pamene tsitsi layambira, makutu, pansi pa chibwano, khosi, manja, ndi pakati pa zala. Kaburashi kamaiwala malo amenewa, ndiye nkhope imaoneka ngati chigoba chovala. Nthawi zina mumaona kamzere kowala kozungulira chibwano, pamene kaburashi kanapitirira n'kukhudza kumbuyo. Chenjezo limodzi apa: ambiri mwa ife nkhope, khosi ndi chifuwa sizifanana ndendende mwachibadwa, ndipo kumbuyo kwa zala kumakhala kodera. Kusiyana pang'ono si umboni. Umboni ndi kusiyana kumene pagalasi kulibe.

Pali vuto linanso limene limayamba kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Kamera ikamadzisankhira yokha kuwala, imayesetsa kuti zonse zimene ikuona zikaphatikizidwa zikhale zotuwa pakatikati, osati zakuda, osati zoyera. Ndiye mtsikana wakuda, wovala gauni yakuda, ataima kutsogolo kwa katani yakuda, kamera imaganiza kuti kwada, n'kuwonjezera kuwala. Amatuluka woyererapo munthu asanakhudze chilichonse. Mkwatibwi wovala diresi loyera padzuwa la masana, zimatembenuka: kamera imachepetsa kuwala, nkhope n'kumira mumdima. Kenako wokonzayo amakoka `Shadows` kuti aitulutse, ndipo imatuluka yotuwa, ya timadontho ngati mchenga. Mankhwala a vuto limeneli ali pa nthawi yojambula. Imani pamthunzi, nkhope itayang'ana kumene kukuchokera kuwala, ndipo wina agwire nsalu yoyera kapena chikatoni choyera pafupi ndi nkhope kuti chibwezere kuwala pansi pa maso ndi pa chibwano. Munthu akati "khungu lanu ndi lovuta kujambula", kawirikawiri vuto ndi kumene wakuimikani. Ndipo inunso samalani ndi faundeshoni yoyera kuposa khungu lanu, komanso paudala wina amene amachita mbuu fulashi ikawala. Zimenezo si mlandu wa wokonza zithunzi.

Tsopano chofanizira. Chilipo cha mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kukhala nazo zonse. Choyamba mumapanga nokha kunyumba. Imani pafupi ndi windo masana, osati padzuwa lenileni, magetsi a m'nyumba atazimitsidwa. Pa kamera ya foni zimitsani fyuluta iliyonse ndi zokongoletsa nkhope, zimene pa mafoni ambiri zimalembedwa kuti `Beauty`, chifukwa mafoni ena amabwera zili zoyatsa kale. Gwirani pepala loyera pambali pa tsaya, mnzanu akujambuleni ndi kamera yakumbuyo. Mukatero funsani munthu amene amakuonani tsiku ndi tsiku ngati chithunzicho ndi inuyo. Akavomera, chimenecho ndicho chofanizira chanu. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document`, kuti chisafinyidwe panjira.

Chofanizira chachiwiri ndi champhamvu kuposa choyambacho, chifukwa chimajambulidwa ndi kamera ya wojambulayo, m'kuwala komweko. Musanayambe kusintha maimidwe, pemphani chithunzi chimodzi mutagwira pepala loyera pafupi ndi nkhope. Ojambula ena amakhala ndi khadi lotuwa lopangidwira ntchito imeneyi, ndipo limaposa pepala, chifukwa mapepala ena a muofesi amapendekera ku buluu. Pokonza, wokonzayo amadina pa khadilo ndi chida cha `White Balance`, ndipo mitundu yonse imabwerera m'malo mwake, kuphatikizapo khungu. Akakweza kuwala mpaka pepala litasowa m'mphepete mwake, aliyense akhoza kuona kuti wapyola. Chithunzi chimenechi chimatenga masekondi khumi, koma chimatseka mkangano wa mlungu wathunthu.

Tiyeni tsopano titenge chitsanzo chongoyerekeza, tichitsate mpaka kumapeto. Mtsikana wamaliza maphunziro, wapangana ndi situdiyo kuti amujambule tsiku lolandira digiri, zithunzi khumi zokonzedwa, chimodzi chachikulu choika mu felemu kwa amayi ake. Wojambula ndi amene amakonzanso zithunzizo, mwamuna wamkulupo kwa iye. Kutatsala masiku awiri, asanalipire dipoziti, akulemba chonchi:

"Mwaswera bwanji achimwene? Ndine uja wa zithunzi za Lachisanu. Ndisanatumize dipoziti ndimafuna tigwirizane chinthu chimodzi. Khungu langa likhale mtundu wake weniweni, ngati mmene likuonekera pa chithunzi ndakutumizirani pamwambapa. Ndine wakuda ndipo ndikufuna ndituluke choncho. Ziphuphu zimene zingakhalepo tsikulo mukhoza kuchotsa, ndi thukuta la pamphumi mukhoza kuchepetsa. Kadontho ka pansi pa diso ndi chipsera cha pachibwano musachotse, ndi zanga. Chonde musakweze Luminance ya Orange, musapake Dodge pankhope ponse, ndipo ngati mumagwiritsa ntchito Presets, muone kaye kuti sizikusintha khungu. Lachisanu ndidzapempha chithunzi chimodzi nditagwira pepala loyera, kuti chikuthandizeni pokonza. Mukakonza chithunzi choyamba, munditumizire pamodzi ndi chosakonza chake ndione, musanapitirize ndi zinazo. Ngati zili bwino choncho, mundiyankhe kuti tagwirizana, nditumize ndalama. Zikomo kwambiri."

Taonani mmene wauyalira. Wayamba ndi ulemu, ndipo sanamuimbe mlandu munthu amene sanalakwe kanthu. Wanena poyera kuti ndi wakuda, osazungulira ndi mawu oti "mwachilengedwe", amene aliyense amawamva mwake. Wamupatsa ntchito yoti achite, chifukwa wokonza zithunzi ukangomuuza kuti "musakhudze chilichonse" amaona ngati ukunyoza luso lake, ndipo amakhudzabe. Malire ake ndi osavuta kukumbukira: chimene chidzakhale chitachoka chokha pakatha milungu iwiri, monga chiphuphu, chikhoza kuchotsedwa. Chimene mumakhala nacho chaka ndi chaka, monga kadontho, chipsera, mphini kapena mtundu wa khungu, mwini wake yekha ndiye anganene. Taonaninso kuti thukuta wati achepetse, sanati achotse. Khungu lakuda limanyezimira pa mphuno, pamphumi ndi pamwamba pa masaya, ndipo kunyezimira kumeneko n'kumene kumaonetsa maumbidwe a nkhope. Akakuchotsa konse, nkhope imakhala yafulati ngati yopakidwa dothi. Watchula mayina a zida mmene alembedwera pa kompyuta, kuti pasakhale zoti sanamve. Ndipo wapempha yankho lolembedwa ndalama isanachoke m'manja mwake, nthawi imene mawu a kasitomala amalemera.

Lachisanu ladutsa. Lolemba chithunzi choyamba chabwera, pamodzi ndi chosakonza chake. Kuika ziwirizi pambali si ntchito yovuta kwa wokonzayo: mu Lightroom Classic akadina `Y`, chakale ndi chatsopano zimaima limodzi. Mtsikana uja akuyang'ana motsata mapazi atatu aja. Gauni ndi yakuda chimodzimodzi pa zonse ziwiri, ndiye si njira yoyamba. Khosi ndi manja zayera pamodzi ndi nkhope, ndiye si kaburashi. Koma khoma la njerwa kumbuyo kwake, limene pa chosakonza ndi lofiira, pa chokonzedwa latuwa. Wadziwa kuti ndi njira yachiwiri.

Maso amatsutsika, ndiye pali nambala imene ingathandize. Mu Lightroom Classic, wokonzayo akadina batani lakumanja la mausi pa `Histogram` n'kusankha `Show Lab Color Values`, malo alionse amene waloza amaonetsa nambala ya `L`, yoyambira pa 0, kuda kwenikweni, kufika pa 100, kuyera kwenikweni. Tiyerekeze kuti pakati pa tsaya, pamalo osanyezimira, chosakonza chikuonetsa 36, chokonzedwa chikuonetsa 52. Pa gauni, chosakonza 12, chokonzedwa 13. Gauni yasuntha ndi 1, tsaya lasuntha ndi 16. Kukanakhala kuti anangowalitsa chithunzi chamdima, gauni ndi pepala loyera zikanakwera nazo moonekeratu. Palibe lamulo lonena kuti nambalayi isinthe ndi zingati, ndipo palibe nambala imodzi ya khungu lanu, chifukwa imasintha malinga ndi kuwala kwa tsikulo. Ntchito yake ndi kufananiza malo omwewo pa zithunzi ziwiri za kujambula kumodzi. Kusiyana kwa 2 kapena 3 diso silikuona kwenikweni. Kusiyana kwa 16 ndi munthu wina.

Ndiye akulemba uthenga wachiwiri, waufupi:

"Zikomo achimwene, ndaziona. Maso ndi tsitsi mwakonza bwino kwambiri, zimenezo zikhale choncho. Koma khungu layera kuposa pa chosakonza, ndipo njerwa za kumbuyo zatuwa nazo. Ndikuganiza kuti ndi Orange. Chonde mubwezere Luminance ndi Saturation ya Orange pa 0, munditumizirenso. Gauni ili bwino, musakweze Exposure."

Palibe kukalipa, palibe kulalikira. Wanena chimene chili bwino kuti asachiwononge pobwereza, wanena chimene chalakwika, wanena umboni, wanena chochita. Kukonza kumeneku sikutenga mphindi ziwiri ngati wokonzayo akadali ndi chithunzi choyambirira. Apa ndi pamene muyenera kudziwa mawu awiri. `RAW` ndi chithunzi chathunthu monga chinachokera mu kamera, ndipo mu Lightroom kusintha kulikonse kumabwezeka. `JPEG` ndi chimene mumalandira inu, chophikidwa kale. Mukatenga `JPEG` yoyeretsedwa n'kuyesa kuidetsa pa foni yanu, mtundu weniweni subwerera bwinobwino, makamaka pamene panayera mpaka kufufutika. Mumangopeza nkhope yotuwa. Choncho dandaulani msanga, asanafufute zoyambirira kuti apeze malo a makasitomala ena, ndipo nenani kuti akonzenso kuchokera pa choyambirira, osati pa chimene anakutumizirani.

Mudzakumana ndi mayankho angapo, ndipo ndi bwino kuwakonzekera. Wina adzati, "Asisi, anzanu onse amafuna choncho." Yankho lake ndi lalifupi: "Ine ndi amene ndikulipira chithunzi ichi, ndipo tinagwirizana." N'chifukwa chake tinafuna pangano lolembedwa. Wina adzati, "Ndi sitayilo yanga, anthu amandidziwa nayo." Zimenezo n'zoona kwa ojambula ambiri, ndipo nthawi yozidziwa ndi musanamusankhe. Yang'anani zithunzi zimene amaika pa tsamba lake. Ngati anthu makumi awiri osiyana onse ali ndi khungu lofanana, mwaona kale chimene adzakuchiteni. Mufunseni chithunzi cha kasitomala wakuda ngati inu. Ngati alibe, kapena ngati sitayilo yake sangaisiye, pitani kwina dipoziti idakali m'thumba.

Wina adzati, "Ndi foni yanu imeneyo." Ameneyu mumumvetsere, chifukwa akhoza kukhala kuti akunena zoona. Mafoni saonetsa mitundu mofanana, ndipo foni imene mwaikweza kuwala mpaka kumapeto imayeretsa chilichonse. Ikani kuwala pakatikati, zimitsani zoteteza maso usiku zimene zimachititsa sikirini kukhala yachikasu, ndipo onani chosakonza ndi chokonzedwa pa foni imodzi, nthawi imodzi. Ngati foni ikunama, inamiza zonse ziwiri mofanana, kusiyana kwake n'kukhalabe koona. Mupemphenso kuti potulutsa zithunzi zoika pa intaneti asankhe `sRGB`, chifukwa akasankha zina mitundu ikhoza kuoneka yofooka pa mafoni ena ngakhale iye sanayeretse kanthu.

Chatsala ndi chachikulu chija cha mu felemu. Pepala siliwala lokha ngati sikirini, ndiye chithunzi chosindikizidwa nthawi zambiri chimaoneka choderapo kusiyana ndi pa foni. Podziwa zimenezi, osindikiza ena amawonjezera kuwala okha, ndipo makina ena amadzikonzera okha mitundu. Ntchito yonse imene munagwirizana ndi wokonza ikhoza kuwonongeka pa sitepe yomalizayi. Choncho mtsikana wathu akupempha kaye kachithunzi kakang'ono koyesera, n'kukayang'ana panja pamthunzi, atakagwira pafupi ndi mkono wake, mnzake akuona. Akakhutira, akuuza osindikizawo kuti chachikulucho achitulutse chimodzimodzi, osawonjezera kanthu. Mtengo wa kachithunzi koyesera ndi wochepa poyerekeza ndi felemu imene idzakhale pakhoma pa amayi zaka makumi awiri.

Mawu amodzi kwa inu amene mumatumira anzanu zithunzi, monga a m'makomiti a ukwati, a m'mabungwe, ndi amene mumakonza mapositala a misonkhano. Mukatumiza zithunzi za amayi asanu kwa wokonza mmodzi, uthenga uja mulembe inuyo m'malo mwawo, ndipo muwonjezere chiganizo ichi: "Anthuwa ndi osiyana khungu, musawafananitse." Chizolowezi cha okonza ambiri n'kufuna kuti nkhope zonse pa positala zigwirizane, ndipo amene amasunthidwa kawirikawiri ndi wakuda kwambiri uja, kumukokera kwa woyererapo. Mwini nkhope aone chithunzi chake chisanatuluke. Ndipo ngati mnzanu wasankha yekha kuti chithunzi chake achiyeretse, mukhoza kucheza naye za nkhaniyo ngati anzake, koma musamuchitire chipongwe pagulu. Chimene tikukana pano n'chakuti munthu wina asankhe m'malo mwa mwini khungu, osamufunsa.

Tsopano tulutsani mafoni. Tili ndi windo labwino kumbuyoko, ndipo mapepala oyera ali patebulo apo. Khalani awiriawiri, zimitsani `Beauty`, jambulanani chofanizira chija, ndipo mnzanu akuuzeni moona ngati ndi inuyo. Mukatero aliyense alembe uthenga wake, m'mawu ake, atchule zake zimene akufuna zisachotsedwe, n'kuusunga pa foni podikira tsiku limene adzaufune. Amene muli ndi chithunzi chakale chimene mukuchikayikira, bwerani nacho kuno kutsogolo, tiyang'ane limodzi gauni, njerwa ndi makutu.